Mawu 500 oyamba a Chipwitikizi: tiwatole m'buku, pa mndandanda, kapena pamsika?

Alamu anga anabadwira ku Dedza nthawi imene makolo awo anathawa nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo sukulu yonse imene anaphunzira inali ya Chichewa ndi Chingerezi. Banja linabwerera ku Angoniya mtendere wa 1992 utabwera, koma iwo anali atadutsa kale msinkhu woyambiranso kalasi yoyamba. Kumudzi kwathu kufupi ndi Ulongwe zimenezi sizinawavutepo, chifukwa kumunda, kutchalitchi ndi kumaliro timayankhula chathu chomwechi. Vuto linayamba pamene anaganiza zosiya kugulitsa mbatatesi kwa mavenda obwera pakhomo n'kuyamba kupita nayo okha ku Tete. Pamsika wa Kwachena amamvana ndi anthu ambiri, poti Chinyungwe ndi Chichewa n'zapachibale. Koma wogula wochokera ku Maputo kapena ku Beira amene akugwira ntchito kumigodi ya ku Mowatize, wapolisi wa pamsewu, kalaliki wa kubanki ndi namwino wa kuchipatala chachikulu, ambiri mwa amenewa amafuna Chipwitikizi.

Anabwera kwa ine ndi funso lomveka bwino. Anati, "Alamu, ine nthawi yoloweza dikishonale yonse ndilibe. Mundisankhire mawu ochepa oti ndikadziwa amenewo ndiyambe kuyankhula." Tinagwirizana pa mawu 500. Munthu wogwira ntchito akamaloweza mawu 8 patsiku, masiku 5 pa sabata, amakwanitsa 40 pa sabata, ndiye kuti 500 amatha m'miyezi itatu. Chotsala chinali choti mawuwo tiwatenga kuti. Pali njira zinayi zimene anthu amatsata, ndipo zonse ndinaziyesapo.

Kuyamba ndi mawu amene tili nawo kale

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusonkhanitsa mawu amene Chichewa chinabwereka kwa Apwitikizi kalekale. Nsapato ndi *sapato*, kalata ndi *carta*, mbendera ndi *bandeira*, zenera ndi *janela*, chipewa ndi *chapéu*, kapitawo ndi *capitão*, kama ndi *cama*. Izi zimalimbitsa mtima tsiku loyamba, ndipo n'zabwino kuyamba nazo. Koma mawuwa ndi ochepa, pafupifupi onse ndi mayina a zinthu, ndipo ena amasocheretsa. *Cebola* ikumveka ngati tsabola, chonsecho ndi anyezi. *Batata* payokha siikutanthauza mbatata yathu yotsekemera: imeneyo ndi *batata-doce*, pamene mbatatesi imene alamu amagulitsa ndi *batata reno*. Njira imeneyi ndi ya madzulo amodzi basi, osati ya miyezi itatu.

Kutsata mitu ya m'buku

Mabuku ambiri ophunzitsa chinenero amagawa mawu m'mitu: mitundu ya utoto, nyama, ziwalo za thupi, achibale, zipatso, zipinda za m'nyumba. Aphunzitsi timaikonda njira imeneyi chifukwa n'njosavuta kukonzekera ndi kufunsa mayeso. Kwa mwana amene ali ndi zaka zambiri za sukulu patsogolo pake palibe choipa chilichonse. Kwa munthu amene ali ndi malo a mawu 500 okha, imawononga malo. Mutu wa nyama umakupatsani *leão*, *girafa* ndi *elefante* pamodzi ndi *cabrito* ndi *galinha*, koma pa mawu asanuwo, awiri okha ndi amene mudzawatchule mwezi uno.

Pali vuto lina lobisika. Mawu ofanana tanthauzo mukawaphunzira tsiku limodzi amasakanikirana m'mutu. Wofufuza wina, Thomas Tinkham, anaonetsa mu 1993 kuti ophunzira amachedwa kugwira mawu a gulu limodzi, monga mayina a zovala okhaokha, poyerekeza ndi mawu osagwirizana. Ine ndinaziona ndi maso pa *direita* ndi *esquerda*, kumanja ndi kumanzere. Amene ndinawaphunzitsa awiriwa nthawi imodzi amawadziwa onse, koma sadziwa kuti liti ndi liti. Chimodzimodzi *comprar* ndi *vender*, kapena *levar* ndi *trazer*. Mankhwala ake ndi kuphunzira limodzi lokha, kuligwiritsa ntchito kwa sabata yathunthu mpaka likhazikike, kenako n'kubweretsa linzakelo.

Mndandanda wa mawu opezeka kawirikawiri

Iyi ndi njira imene ophunzira kwambiri amailimbikitsa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. M'chinenero chilichonse muli mawu ochepa kwambiri amene amabwerabwera mosalekeza, ndi mawu ena zikwizikwi amene amaoneka mwa apo ndi apo. George Zipf ndiye anatchuka ndi kufotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. M'zolembedwa za Chingerezi, mawu 100 oyamba okha amadzaza pafupifupi theka la tsamba. Ndiye maganizo ake ndi akuti, tiwerenge mawu mamiliyoni, tione amene akubwera kwambiri, tiyambe ndi amenewo. Za Chipwitikizi ntchito yotereyi inachitika kale. Mwachitsanzo, Mark Davies ndi Ana Maria Preto-Bay anatulutsa mu 2008 dikishonale ya mawu 5,000 osanjidwa motere, kuchokera m'zolembedwa ndi zoyankhulidwa za ku Brazil ndi ku Portugal.

Pamwamba pa mndandanda wotere pali chuma chenicheni. Mumapeza *de*, *que*, *e*, *em*, *para*, *com*, *não*, *mas*, *ser*, *ter*, *estar*, *fazer*, *poder*, *ir*. Mawu amenewa munthu sangawatole yekha pamsika, chifukwa amadutsa mofulumira m'kamwa mwa oyankhula ndipo palibe chinthu chimene mungaloze ndi chala n'kufunsa kuti ichi n'chiyani. Ndiwo amamanga chiganizo, ngati mmene dothi limagwirira njerwa.

Koma mukatsika pang'ono, mndandanda umayamba kununkha nyuzipepala. Mumakumana ndi *governo*, *presidente*, *político*, *sistema*, pamene *troco* (chenji), *adubo* (feteleza) ndi *saco* (thumba) zili kutali kwambiri. Mawu athu a kuno ndiye mwina simuwapezamo n'komwe: *machamba* (munda), *chapa* (minibasi), *capulana* (chitenje), *xima* (nsima), *mata-bicho* (chakudya cha m'mawa), *régulo* (mfumu). Vuto lomweli lili pa mapulogalamu a pafoni. Duolingo imaphunzitsa Chipwitikizi cha ku Brazil, ndipo mukafunsa kuti *ônibus* imakwerera pati, anthu a pa Matundo mumzinda wa Tete ayamba adabwa kaye asanamvetse kuti mukufuna *chapa*.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chimagwetsa ambiri, mindandanda yambiri imawerenga mneni kamodzi kokha. Imalemba *ir*, kupita, ngati liwu limodzi. Koma pamsewu mudzamva *vou*, *vai*, *vamos*, *fui*, *foi*, ndipo palibe ngakhale limodzi lofanana ndi *ir*. M'Chichewa tsinde silisintha: ndipita, apita, tinapita, "-pita" ali pomwepo. Mwini Chichewa amayembekezera kuti ndi mmene zilili kulikonse, ndiye akaloweza *ir* amaganiza kuti wamaliza. Munthu amene akunena kuti akudziwa mawu 500 a pa mndandanda angathe kulephera kumva chiganizo cha mawu anayi monga *Ele foi ao banco*. Pachifukwa chimenechi, ine ndimawerenga *vou* ndi *fui* ngati mawu awiri, aliyense ndi malo ake pa 500 paja.

Ndiyeneranso kunena malire ake. Mawu 500 sapangitsa munthu kumva nkhani za pa Rádio Moçambique kapena kutsatira macheza a anthu awiri amene sakuyankhula ndi iye. Paul Nation, amene wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri pa Chingerezi, anawerengera mu 2006 kuti kumva zoyankhulidwa bwinobwino popanda thandizo kumafuna mawu 6,000 mpaka 7,000, powerenga liwu ndi maonekedwe ake onse ngati limodzi. Zimene 500 amachita ndi kukuikani pa malo oti mungayambitse nkhani, kufunsa, kumva yankho lalifupi, ndi kupempha winayo kuti abwereze. Kuyambira pamenepo mawu ena amayamba kubwera okha kudzera m'makutu.

Kutola mawu m'tsiku lanu

Njira yachinayi ndi kugula kope laling'ono n'kuyenda nalo kwa sabata imodzi. Paliponse pamene mwafuna kunena chinthu m'Chipwitikizi n'kulephera, mulembe m'Chichewa zimene mumafuna kunena. Madzulo mupeze munthu wodziwa, kaya mwana wa sekondale kaya mphunzitsi wa pafupi, akutembenuzireni. Ubwino wake ndi wakuti liwu lililonse lili kale ndi ntchito, ndipo mawa lomwe mudzaligwiritsa ntchito pa malo omwewo pamene munakakamira dzulo.

Alamu anachita zimenezi pa ulendo wawo umodzi, kuchokera ku Ulongwe kudutsa ku Mowatize mpaka kuwoloka Zambezi. Kope linabwera ndi mizere yoposa 60. Nditaliwerenga ndinaona kufooka kwa njira imeneyi: pafupifupi mzere uliwonse unali dzina la chinthu. Thumba, sikelo, lisiti, mafuta, tayala, chingwe, chiphaso. Munthu akakakamira amakumbukira chinthu chimene chinali m'manja mwake, saganiza za timawu tolumikiza. Komanso amalemba zimene iye amafuna kunena, osalemba zimene winayo anayankha, poti sanazimve. Chonsecho theka la macheza ndi la winayo.

Kuti aone zimenezi, tinakhala pansi n'kulemba malonda amodzi monga amachitikira:

*Quanto é o saco?* (Thumba ndi zingati?)
*Mil e quinhentos.* (1,500.)
*Está caro, não pode diminuir?* (Zadula, simungatsitseko?)
*Posso tirar cem.* (Ndingachotseko 100.)
*Vou levar dois, mas pago amanhã.* (Nditenga awiri, koma ndilipira mawa.)

Muli mawu 21 m'menemu. Dzina la chinthu ndi limodzi lokha, *saco*. Manambala ndi 4, aneni ndi 9, timawu tolumikiza ndi tofunsira ndi 5, ndiye pali *caro* ndi *amanhã*. Buku la mitu likanawapatsa manambala ndi *amanhã* mwina. Mndandanda ukanawapatsa *mas*, *não*, *poder* ndi *ir*, koma osawauza kuti *posso* ndi *pode* ndi ana a *poder*. Kope lawo linali ndi *saco* yekha. Ndipo taonani pamene pagona ndalama: wogulitsa amene wamva *dois* ndi *pago* koma osamva *mas* ndi *amanhã* akweza matumba awiri m'galimoto ya munthu akuganiza kuti alandira ndalama pomwepo.

Mmene tinagawira 500

Titaona izi tinasiya kufunsa kuti njira yabwino ndi iti, tinayamba kufunsa kuti njira iliyonse tiipatse malo angati.

Tinayamba ndi ziganizo 30 zoloweza zathunthu, osaziphwanya. Pakati pake panali moni ndi kutsanzika, koma zofunika kwambiri zinali zopulumutsira macheza akafuna kufa: *Não percebi* (sindinamve), *Pode repetir?* (mungabwereze?), *Mais devagar, por favor* (pang'onopang'ono chonde), *Como se diz?* (amati chiyani?), *O que significa?* (zikutanthauza chiyani?). Tinaikamonso *Estou a pedir*, imene anthu a kuno ku Mozambiki amagwiritsa ntchito popempha mwaulemu, ndendende ngati "ndikupempha" wathu. Ziganizo zimenezi ziyenera kukhala za sabata yoyamba, chifukwa ndi zimene zimachititsa wogula aliyense kukhala mphunzitsi wanu.

Manambala anatenga malo 40. Kuchokera pa *zero* kufika pa *dezanove* ndi mawu 20, makumi kuyambira *vinte* mpaka *noventa* ndi 8, kenako *cem* ndi *cento*, mazana 8 kuyambira *duzentos* mpaka *novecentos*, ndi *mil*. Onsewa ndi 39, ndipo malo otsalawo tinaika *meio*, theka. Ambiri a ife timawerenga kale ndalama m'Chipwitikizi, ndiye apa ntchito yaikulu ndi ya khutu. *Sessenta* (60) ndi *setenta* (70) zimamveka zofanana pamalo aphokoso, *três* ndi *treze* chimodzimodzi, ndipo *quinhentos* (500) safanana ndi *cinco* ngakhale pang'ono. Ndinkawatchulira manambala mofulumira iwo n'kumalemba, mphindi zisanu tsiku lililonse. Dziwaninso kuti ena amanenabe *contos* potchula mitengo, chizolowezi chotsala kuchokera ku ndalama yakale imene inasinthidwa mu 2006, pamene 1,000 yakale, imene inkatchedwa *conto* imodzi, inasanduka metikali imodzi.

Mawu a nthawi anatenga 30, ndipo apa pali msampha umene unawagwira alamu tisanaufike. Kuchipatala anawauza kuti abwerenso *terça-feira*. Iwo ankadziwa kuti *terça* ikukhudzana ndi "chachitatu", ndiye anapita Lachitatu, n'kupeza kuti tsiku lawo linali dzulo lake. Chipwitikizi chimawerenga masiku kuyambira Lamulungu, pamene ife timayambira Lolemba. Motero *segunda-feira* ndi Lolemba, *terça* ndi Lachiwiri, *quarta* ndi Lachitatu, *quinta* ndi Lachinayi, *sexta* ndi Lachisanu. Nambala ya Chipwitikizi imakhala patsogolo ndi imodzi nthawi zonse. Maola nawo amatchulidwa mpaka 24, ndiye *catorze horas* ndi 2 koloko masana. M'gulu lomweli muli *já* ndi *ainda*. Mukafunsa ngati galimoto yafika, munthu wa kuno angoyankha kuti *ainda*, kutanthauza kuti sinafikebe.

Kuchokera pamwamba pa mndandanda wa mawu opezeka kawirikawiri tinatenga timawu 80: alowam'malo monga *eu*, *ele*, *ela*, *nós*, *meu*, *seu*, ofunsira monga *onde*, *quando*, *quanto*, *quem*, *porquê*, ndi olumikiza monga *porque*, *se*, *até*, *sem*, *também*, *só*. Apa mndandanda ndi umene uyenera kulamulira, osati zofuna za wophunzira.

Aneni anatenga malo ambiri, 120, ndipo m'pamene ndinaganiza nthawi yaitali. Aneni 10 olemera, *ser*, *estar*, *ter*, *ir*, *fazer*, *poder*, *querer*, *dar*, *vir* ndi *dizer*, tinawapatsa maonekedwe 6 aliyense, kukhala 60. Pa *ter*, mwachitsanzo, tinatenga *ter*, *tenho*, *tem*, *temos*, *tive* ndi *tinha*. Tinasiya kaye maonekedwe a *tu*, chifukwa munthu wamkulu woyankhula ndi ogula ndi akuluakulu a m'maofesi amafunika *o senhor*, *a senhora* kapena *você*, ndipo onsewa amatenga maonekedwe omwewo a *ele*. Ndiye *tem* imodzi ikugwira ntchito ya "ali ndi" komanso "muli ndi". Izi kwa ife sizachilendo, poti nafenso timafunsa munthu wamkulu ali pomwepo kuti "Akufuna chiyani abambo?"

Aneni ena 30 tinawapatsa maonekedwe awiri okha, dzina la mneni ndi nthawi yapita ya "ine": *comprar* ndi *comprei*, *vender* ndi *vendi*, *pagar* ndi *paguei*. Izi zimatheka chifukwa cha njira yachidule imene Chipwitikizi chili nayo. Mukadziwa *vou*, *quero*, *posso*, *tenho que* ndi *estou a*, mumangoika dzina la mneni kutsogolo kwake osalisintha. *Vou vender* ndi ndigulitsa, *quero vender* ndi ndikufuna kugulitsa, *posso vender* ndi ndingagulitse, *tenho que vender* ndi ndiyenera kugulitsa, *estou a vender* ndi ndikugulitsa. Liwu limodzi latsopano likubala ziganizo zisanu. Chichewa chimachitanso chimodzimodzi ndi "ku-", ndiye alamu anagwira izi tsiku limodzi.

Afotokozi 40, monga *caro*, *barato*, *cheio*, *novo*, *podre*, *doente*, tinawasankha pakati pa mndandanda ndi kope. Malo 160 otsalawo anali a mayina a zinthu, ndipo onse anachokera m'kope lawo ndi m'moyo wawo: za msika, za pamsewu monga *carta de condução*, *multa* ndi *portagem*, za kuchipatala monga *dor*, *febre* ndi *comprimido*, za kubanki monga *conta*, *saldo* ndi *levantamento*. Gawo limeneli ndi lokhalo limene limasintha malinga ndi munthu. Mayi wopita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Chingodzi angasunge mawu 340 ena aja monga alili, n'kungosintha 160 amenewa. Dzina lililonse lizilembedwa ndi *o* kapena *a* wake, *o saco*, *a lata*, ngati liwu limodzi. Kungoyang'ana mathero a liwu kumanamiza nthawi zina, chifukwa timati *o dia*, *o problema*, koma *a mão*.

Kudziwa ngati mwasankha bwino

Mndandanda uwu suli ngati mwala. Tinaika lamulo lakuti liwu limene ladutsa masabata awiri osalimva pakamwa pa munthu ndiponso osalitchula, lichotsedwe, malo ake alowe lina. Mwa njira imeneyi tinachotsa *colher* ndi *vizinho*, tinalowetsa *descarregar*, kutsitsa katundu, ndi *prejuízo*, kuluza pa malonda. Kopelo tinaligawanso pawiri: kumanzere zimene ndinalephera kunena, kumanja zimene ndinamva koma osazindikira, zolembedwa mmene zamvekera m'khutu ngakhale kalembedwe kakhale kolakwika. Tsamba la kumanja ndi limene linabweretsa *talvez*, *depende* ndi *não há*, mawu amene iwo pawokha sakanaganiza kuwafunsa.

Zizindikiro za kusankha kolakwika zimaoneka msanga. Ngati mukutha kutchula chinthu chilichonse chili pa benchi koma chiganizo sichikutuluka, mwachulutsa mayina, onjezani aneni. Ngati mukufunsa bwino koma yankho likukudutsani, mukusowa maonekedwe a aneni monga *foi*, *disse*, *veio*, pamodzi ndi mawu a nthawi. Ngati mukumva zambiri koma pakamwa pakuuma, ndiye kuti mwakhala mukuloweza mbali imodzi yokha, kuona Chipwitikizi n'kunena Chichewa. Tembenuzani kope, muziona Chichewa n'kutulutsa Chipwitikizi mokweza, ndipo liwu lililonse mulibwereze mawa lake, patatha masiku atatu, ndi patatha sabata.

Alamu pano afika pa mawu 380, ndipo akuchedwa kusiyana ndi mmene tinawerengera chifukwa nthawi yokolola sagwira kope. Sabata yatha anandiimbira ali ku Tete kufunsa za *adiantamento*. Wogula wina wa malo odyera anawatchulira liwulo, iwo anamupempha kuti abwereze, analilemba kumanja kwa kope, ndipo asanavomere kanthu anafuna kutsimikiza kuti ndi ndalama zolipiriratu katundu asanafike. Ndinawauza kuti ndi zomwezo, ndipo talilowetsa m'malo mwa *janela*, limene analidziwa kale kuchokera ku zenera.